Mukusiya pulojekiti? Umu ndi mmene mungasandutsire masilaidi anu omaliza kukhala handova yomveka

Mnzanga wina yemwe anali ofesa wa pulojekiti atapeza ntchito kwina anandifunsa kuti kodi sangangotumiza masilaidi a PowerPoint omwe anaonetsa pa miting'i yomaliza ija n'kulembapo kuti handova, poti zonse zili momwemo. Ndinamuuza kuti ayi, ndipo chifukwa chake n'choti masilaidi aja anawakonzera mabwana ndi adona opereka ndalama za pulojekiti, anthu ofuna kumva kuti tafika pati, pomwe handova amawerenga munthu amene akhale pampando wako Lolemba mmawa, foni ikulira, iye asakudziwa olo komwe kuli kontalakiti. Komabe masilaidiwo ndi poyambira pabwino chifukwa mitu yonse ya ntchito ili kale mmenemo. Nde tiyeni titsate mmene tinachitira, manambala ndawasintha kuti chikhale chitsanzo chabe: pulojekiti yokonza mijigo 40, masilaidi 14, iye akuchoka pa 25 Epulo.

Choyamba, tulutsani zonse zomwe zili mu fayiloyo, osati zooneka pa sikilini zokha

Musanalembe kalikonse tsegulani fayilo yeniyeni ya PowerPoint, osati PDF yomwe munatumizira anthu, chifukwa PDF nthawi zambiri imasiya manotsi omwe munalemba pansi pa silaidi iliyonse, ndipo zoona zenizeni zimakhala mmanotsimo, zija mumadzikumbutsa kuti akafunsa izi ndiyankha chonchi. Onaninso masilaidi obisa, mumawazindikira pa mndandanda wakumanzere poti amaoneka ozilala ndipo nambala yake imakhala yokhwatchidwa. Mnzangayo anali ndi awiri, ina inali ya madandaulo a kontalakitala yomwe abwana anati isaonetsedwe kwa adona. Kwa wolowa mmalo, imeneyo inali silaidi yofunika kuposa zonse.

Ngati muli pa Windows pitani pa File, kenako Export, kenako Create Handouts, musankhe yoika manotsi pambali pa silaidi, nde zonse zipita mu Word. Imeneyo si handova ayi, ndi pepala lolembapo basi.

Chachiwiri, nambala iliyonse muifunse mafunso atatu

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri ndipo musathamange. Nambala iliyonse yomwe ili pa silaidi muifunse kuti ndi ya tsiku liti, inachokera mu fayilo iti, ndipo munawerenga chani kwenikweni.

Silaidi 5 ya mnzangayo imati mijigo 34 mwa 40 yakonzedwa, 85 peresenti, kabokosi kobiriwira. Titakhala pansi anakumbuka kuti mwa 34 ija, 29 ndi yomwe inatheratu mpaka kusainirana, pomwe 5 mapampu anaikidwa koma zotsatira za kuyeza madzi zinali zisanabwere ku labu, kutanthauza kuti siyingaperekedwe kwa anthu. Sanama pa miting'i, funso linali lakuti yokonzedwa ndi ingati. Koma munthu watsopano akangoona 34 aganiza kuti kwatsala 6 yokha, chonsecho ntchito yomwe ikumudikira ili pa mijigo 11, ndipo akalemba 34 mu lipoti lomwe likufunsa mijigo yoperekedwa kwa anthu, oditi ikadzabwera wofunsidwa ndi iyeyo, inu muli kutali.

Komanso manambalawo anali a pa 31 Malichi, kutha kwa kota, pomwe iye amachoka patapita masabata opitirira atatu. Pakatipo mjigo umodzi mwa 6 ija unali utayamba kukonzedwa. Nde mu handova tinalemba motere: pofika pa 25 Epulo, yomalizidwa n'kusainirana 29, yodikira zotsatira za madzi 5, yomwe ikukonzedwa panopa 1, yosayambidwa 5, ndipo zonsezi zili mu sipuredishiti yakuti, tabu yakuti. Muwonkhetse muone ngati zikubwerera pa 40, zikapanda kukwana ndiye kuti pali china chomwe chili mmutu mwanu mokha. Mulembenso ngati nambalayo ndi ya kota imeneyo yokha kapena kuyambira pomwe pulojekiti inayamba, ambiri amasokonezeka pamenepa n'kuwonkhetsa kawiri.

Za matchati ndinenepo pang'ono. Tchati yomwe munakopera ku Excel nthawi zina imakhala yolumikizidwa ku fayilo yomwe ili pa laputopu yanu kapena pa akaunti yanu, nde akaunti ikatsekedwa mnzanu akadina Edit Data amangolandira uthenga woti fayilo sikupezeka, chithunzi chilipo koma manambala ake sangawasinthe. Onani pa File, Info, ngati pakuoneka Edit Links to Files ndiye kuti malinki alipo, mafayilo amenewo muwasamutsire mu foda ya timu musanachoke.

Silaidi ya bajeti ndi yomwe imapusitsa kwambiri

Imati tagwiritsa ntchito 70 peresenti. Wowerenga aliyense amva kuti 30 peresenti ilipo yoti apangire mapulani. Koma lipoti la akauntsi nthawi zambiri limaonetsa zomwe zalipiridwa kale, silinena za ndalama zomwe munalonjeza kale posaina. Kwa mnzangayo panali mainvoisi awiri a kontalakitala omwe anali asanalipiridwe, okwana 12 peresenti ya bajeti, kuwonjezera apo panalinso ndalama yomwe kontalakiti imati isungidwe kaye mpaka nthawi yoonera ngati ntchito ili ndi zolakwika itatha, imeneyo 4 peresenti. Ndiye yomwe inali yomasuka ndi 14, osati 30. Tangoganizani munthu watsopano wachangu akuitanitsa tirening'i yaikulu podalira 30 ija, mwezi wamawa mainvoisi n'kutulukira.

Nde lembani mizere itatu, yolipiridwa, yolonjezedwa kale, yotsala zenizeni, ndipo invoisi iliyonse munene kuti yaima pa desiki ya ndani ndipo ikudikira chani. Ina mwa ziwiri zija imadikira satifiketi ya injiniya, chinthu chomwe pa silaidi sichinatchulidwe n'komwe. Ngati munatenga ndalama ya ulendo yomwe simunabweze malisiti, malizani nokha, zimenezo sizisiyidwa mu handova.

Kenako sandutsani silaidi ya zochita kutsogolo kukhala ntchito zenizeni

Silaidi yomaliza ija imakhala ndi mawu okoma ngati kulimbikitsa ubale ndi ogwira nawo ntchito, kutsatira nkhani ya labu. Zimenezi munthu sangazigwire. Mzere uliwonse ukhale ndi chochita, wochita, tsiku, komanso chomwe chichitike akachedwa. Kutsatira nkhani ya labu kunasanduka: imbirani amene amalandira masampulo ku labu pasanafike pa 2 Meyi, nambala ya risiti ili mu foda yakuti, zotsatira zikakhala zoipa pa mjigo uliwonse uyenera kuthiridwa mankhwala n'kuyezedwanso, ndipo zimenezi zikankhira tsiku lopereka kutsogolo, choncho adziwitseni abwana msanga.

Musanje motsatira madeti osati motsatira masilaidi. Masilaidi amayamba ndi mbiri ya pulojekiti ndi zolinga, handova iyambe ndi zomwe zingapse mmasiku 30 oyamba. Mbiri ija chiganizo chimodzi chakwana, n'kuloza komwe kuli pulopozo. Lipoti la kota kwa adona, tsiku lomwe kontalakiti ikutha, tsiku lomaliza kupempha nthawi yowonjezera ngati mgwirizano wanu uli ndi lamulo lotero, zonsezi zikhale pamwamba penipeni pa tsamba loyamba.

Tsopano zomwe sizinalowe mu silaidi iliyonse

Tsekani laputopu kaye mudzifunse kuti kodi ndinalonjeza ndani chani pakamwa. Bwererani mmaimelo ndi mmameseji a miyezi itatu yapitayi mufufuze pomwe munayankha kuti ndiona, kapena ndikutumizirani. Mnzangayo anapeza kuti anauza komiti ya mjigo wina kuti zida zosinthira zibwera limodzi ndi tirening'i, nkhani yomwe inalibe mu bajeti ngakhale mu maminitsi a miting'i iliyonse, koma anthuwo akudikira ndithu ndipo adzafunsa munthu watsopanoyo tsiku loyamba kukumana naye. Analemba mmene zinalili, kuti ndinalonjeza, sizinavomerezedwe, abwana ndawauza pa deti lakuti, chigamulo n'chawo.

Za anthu lembani zothandiza ntchito, monga uyu amayankha foni osati imelo, uyu safuna pepala lopanda siginecha ya abwana. Zoti wakuti ndi waulesi kapena ndi wovuta zisiyeni, handova imasungidwa mu fayilo ndipo imawerengedwa ndi anthu omwe simunawaganizire, mwinanso mwini wakeyo.

Mapasiwedi musalembemo. Lembani mndandanda wa masisitemu omwe mumalowa ndi amene amapereka chilolezo pa iliyonse, wolowa mmalo apatsidwe akaunti yakeyake. Chomwe anthu amaiwala ndi umwini, fomu yotolera deta kapena foda yomwe munatsegula ndi akaunti yanu imatha kusowa kapena kutsekeka akaunti ikafufutidwa, nde isamutsireni kwa wina mukadali pantchito, ndipo ngati pali sisitemu yomwe imatumiza kodi ku foni yanu mukamalowa, nambalayo isinthidwe inu mulipo.

Pomaliza, iyeseni pa munthu

Masamba awiri kapena atatu akwana, zina zonse zikhale malinki. Ikapitirira pamenepo mwayambanso kulemba lipoti. Musaitumize madzulo a tsiku lomaliza, itumizeni kutatsala sabata, ndipo mupatse wolowa mmaloyo, kapena ngati sanalembedwe mupatse mnzanu wa mu timu yemwe ntchitoyi sakuidziwa bwino, n'kumuuza kuti apeze zinthu zitatu inu muli chete: kontalakiti yosainidwa, mayina a mijigo 5 yodikira labu, ndi deti la lipoti lotsatira. Kukhala chete kumeneku n'kovuta, pakamwa pamayabwa, koma paliponse pomwe wakodwa ndi pomwe handova yanu ili ndi bowo.

Kwa mnzangayo tinakodwa pa kontalakiti. Mu foda munali mafayilo atatu, lina `contract_final`, lina `contract_final2`, lina `contract_final_USE`, ndipo losainidwa silinali lililonse mwa atatuwo, linali sikani yomwe inatsalira mu imelo yake. Anaisamutsa tsiku lomwelo, mafayilo enawo n'kuwaika mu foda ya zakale, kenako pansi pa handova analemba deti, iye ndi abwana n'kusaina, n'kuwonjezera mzere woti mafunso angamupeze pa imelo yake mpaka kumapeto kwa Meyi.