Alembi a makalabu, "tiona" si yankho

Chaka chino makalabu ambiri a soya m'dera langa ayamba kujambula mawu a misonkhano pa foni, kenako mlembi amakhala pansi n'kukopera zonse zomwe zinayankhulidwa. Zimenezi n'zabwino ndithu. Chomwe chikundiwawa n'chakuti akatha ntchito yonseyi, wapampando amangopatsidwa mfundo zomwe anthu anagwirizana, mafunso amene sanayankhidwe n'kutsalira m'kope.

Vuto lagona pamene mlembi aona kuti wina wayankhulapo funso litafunsidwa, iye n'kuliwerengera kuti layankhidwa. Taonani zomwe ndinapeza m'kope la kalabu ina, za msonkhano wa mu Disembala, anthu atangodzala mbewu ya ngongole. Mayi wina anafunsa kuti, "Nanga ife amene mbewu yathu yamera mwa apo ndi apo, tidzabweza ngongole yonse?" Wapampando anati, "Funso labwino mayi, tifunsa kwa amene anatipatsa mbewu. Tiyeni tipitirize, nthawi yatha." M'maminitsi munalembedwa mzere umodzi wokha: nkhani ya ngongole ya mbewu inakambidwa.

Inakambidwa? Anapita kukafunsa ndani? Liti? Palibe anapita. Wapampando ankayesa kuti mlembi amukumbutsa, mlembi ankayesa kuti nkhani inatha, mayi aja ankadikira mwaulemu.

Funso lotere lili ndi nthawi yake. Soya amamera pasanathe sabata ziwiri chidzalireni, ndipo nthawi imeneyo ndiyo yoti mlangizi kapena woimira kampani abwere kumunda, awerenge zomwe zamera pamzere, aone ngati vuto ndi mbewu, kudzala mozamitsa kapena ng'amba. Mbewu ya soya sichedwa kutaya mphamvu ikasungidwa motentha, choncho dandaulo la mayi aja likanatha kukhala lomveka, ndipo mpata wopakiza unalipo. Koma nkhaniyi inadzabukanso mu Meyi, tsiku lopima matumba. Mboni ya kameredwe mukaipeza kuti mu Meyi? Mayi aja anabweza ngongole yonse, n'kutuluka m'kalabu pamodzi ndi anzawo ena.

Bambo wina wa m'kalabu yomweyo anandiuza tili m'dimba mwake kuti iye anasiya kalekale kufunsa pa misonkhano. Akuti, "Alangizi, ine ndinafunsa za sikelo yathu ija, kuti inayesedwa liti, anangoti afufuza. Soya tagulitsa kawiri pa sikelo yomweyo. Ndingamafunsirenji?" Anthu akayamba kutero, msonkhano umatha msanga, akomiti n'kumasangalala kuti palibe wodandaula.

Chizolowezi chomangolemba kuti "zinakambidwa" ndatopa nacho. Ena amati kulemba kuti wapampando sanayankhe n'kuwachititsa manyazi akuluakulu. Manyazi ake ndi ati kuposa kukalipidwa pamaso pa amfumu nthawi yokolola? Wapampando sangakumbukire funso lililonse pa msonkhano wa maola atatu, n'chifukwa chake pali mlembi.

Chinanso, mafunso ambiri a kwathu kuno sabwera ngati mafunso. Munthu amati, "Kaya za galimoto yonyamula matumba alipira ndani," kapena "Ine zoti chinyontho achotsapo makilo sindikuzimvetsa." Mukamangosaka mawu oti "kodi", amenewa akudutsani. Ena amafunsa ziwiri pakamodzi, mtengo wa kilogalamu ndi tsiku lolandira ndalama, woyankha n'kutenga la mtengo lokha. La tsikulo likadali poyera.

Tsono chochita ndi ichi, mwachidule. Werengani zolemba zonse mpaka pamapeto musanalembe kanthu, chifukwa funso la koyambirira nthawi zina limayankhidwa pa zina ndi zina. Pobwereza, chongani paliponse pali kodi, nanga, bwanji, ndani, liti, zingati ndi kaya, komanso paliponse wina wati tiona, tifufuza, tibwererako kapena nthawi yatha. Pa chongo chilichonse dzifunseni ngati wofunsayo anachoka ndi nambala, tsiku, dzina la munthu, inde kapena ayi. Ngati sanatero, funsolo lilowe papepala lapadera m'mawu a mwiniwake, osalikonza, pambali pake mulembe amene anafunsa, zomwe anauzidwa, ndi mphindi yake pa foni kuti pasadzakhale kukanirana. Pomwe mawu sakumveka, pitani kwa wofunsayo mukamufunse, musaganizire.

Mafunso amene akupikisana ndi mvula kapena msika akhale pamwamba. Pepalali lifike kwa wapampando pasanathe masiku awiri, iye alembe dzina la munthu mmodzi, osati "komiti", ndi tsiku lobweretsa yankho. Pa msonkhano wotsatira liwerengedwe pa zochokera m'maminitsi, ndipo funso lifufutidwe pokhapokha wofunsa atavomera kuti wayankhidwa.