Masiku opumitsa khofi wokazinga kumene

"Khofi ndinakazinga dzulo kuno ku Zomba akufufuma thovu koma sakukoma. Ndidikire masiku angati?"

Konzani botolo louma lotsekeka ndi polemba tsiku lokazingira.

1. Nthanga zikazizira, zisungeni m'botolomo pamthunzi osapera. Pokazinga zimadzaza mpweya womwe umatuluka zikakumana ndi madzi otentha. Thovulo limakankha madzi, kukoma kumatsalira muufa.
2. Masiku awiri oyamba tsegulani botolo kamodzi patsiku.
3. Khofi wonyika m'madzi dikirani masiku 3, wosefa papepala 4 mpaka 7. Esipuleso, khofi wopangidwa ndi makina, imafuna 7 mpaka 14, chifukwa makina amakankha madzi mwachangu, mpweya umasowa potulukira. Wokazinga pang'ono amachedwa kuposa wakuda.

Musapere msanga kuti mpweya uthe: fungo limathawira pomwepo.