Werengani ma opareshoni nyengo yogula soya isanayambe

Makopaletivi ndi ogula mbewu ena kuno ku Chipata anasiya kulemba malisiti m'mabuku. Kalaliki wa pa depoti amalemba pa foni dzina la mlimi ndi makilo a soya kapena nshawa, mzere umagwera mu Google Sheets, kenako pulogalamu ngati Make imawerengera ndalama ndi kutumiza SMS kwa mlimi. Mu Febuluwale zonsezi zimayenda mwakachetechete. Vuto limabwera mu Juni, pamene ngolo zandanda pa sikelo: gawo la mwezi lomwe munalipira ku pulogalamuyo limatha mwezi usanathe, ma SMS amaima, ndipo alimi amayamba kufunsa ngati matumba awo analembedwadi.

Choyamba dziwani chimene kampani ya pulogalamu yanu imawerenga polipiritsa, chifukwa mapulogalamu a ntchitoyi, monga Zapier, n8n ndi Make, samawerenga mofanana. Zapier imawerenga masitepe omwe agwira ntchito bwino, koma kusuzumira ngati kwabwera chatsopano salipiritsa. n8n ya pa intaneti imawerenga ulendo wonse ngati chinthu chimodzi, kaya muli masitepe atatu kapena makumi awiri. Pa Make sitepe iliyonse imaoneka ngati bokosi, ndipo bokosi likayenda kamodzi ndiye opareshoni imodzi, ngakhale lija loyamba likasuzumira n'kupeza palibe kanthu. Masiku ano pa sikirini amalemba kuti credits, koma pa mabokosi wamba opareshoni imodzi imadya credit imodzi. Tikhala pa Make, poti ndi pomwe ndalama zimatayika mosaoneka.

Tiyerekeze kopaletivi yokhala ndi madepoti ku Chadiza, ku Vubwi ndi m'tauni. Msika ukatentha imalemba malisiti 60 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, kutanthauza malisiti 1,560. Amene anawakonzera anaika mabokosi asanu ndi awiri. Loyamba ndi Watch New Rows, lomwe limasuzumira mu tebulo mphindi 15 zilizonse. Lisiti lililonse likapezeka limadutsa m'mabokosi ena asanu ndi limodzi: Search Rows kufuna nambala ya foni ya mlimi, Set variable kuchulukitsa makilo ndi mtengo, Add a Row kulemba m'buku la malipiro, bokosi lotumiza SMS, lina lotumiza imelo kwa msungichuma, ndi Update a Row loika chizindikiro choti zatheka.

Masamu ake ndi awa:

```
96 x 30   = 2,880
1,560 x 6 = 9,360
2,880 + 9,360 = 12,240
```

Mzere woyamba ndi wa kusuzumira. Mphindi 15 zimalowa ka 96 pa tsiku, ndipo bokosilo silidziwa Sondo, silidziwa usiku. Pulani yaulere ya Make imapereka 1,000 pa mwezi, ndiye kusuzumira kokhako kumamaliza gawolo m'masiku 11 popanda ngakhale thumba limodzi logulidwa. Ngakhale mutalipira pulani ya 10,000, 12,240 yapitirira kale. Kumbukiraninso kuti malipirowo ndi a madola, pomwe inu mumagulitsa m'makwacha.

Tiyambe kudulira pa wosuzumirayo. Depoti imatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo. Mu ndandanda ya nthawi mungasankhe maola ndi masiku, choncho muuzeni kuti aziyenda maola khumi okhawo, Lolemba mpaka Loweruka, mphindi 30 zilizonse. Ndiye kuti ka 20 pa tsiku, 520 pa mwezi m'malo mwa 2,880. Mlimi adikira SMS theka la ola, zomwe sizachilendo kwa munthu amene akudikirabe kuti anzake ayezetse.

Ambiri adzakuuzani kuti njira yabwino ndi webhook, pomwe fomu imagogoda yokha lisiti likangolembedwa. Si nthawi zonse. Pa webhook lisiti lililonse limadzutsa bokosi loyamba palokha, ndiye mu Juni mulipira 1,560, katatu kuposa 520 uja, chifukwa wosuzumira amatola malisiti angapo pa ulendo umodzi. Koma mu Novembala, malisiti akatsika kufika pa asanu pa tsiku, webhook idya 130 yokha pomwe wosuzumira adyabe 520. Ine ndimati ngati mumagula kwambiri miyezi itatu kapena inayi, khalani ndi wosuzumira, ndipo msika ukazilala muchepetse kuti aziyenda kawiri pa tsiku.

Tsopano mabokosi asanu ndi limodzi aja. Apa bokosi lililonse lomwe mwachotsa limakubwezerani 1,560, ndiye funsani lililonse kuti likuchita chiyani chimene lina silingachite. Set variable ndi loyamba kuchoka, chifukwa kuchulukitsa makilo ndi mtengo mungakulembe m'kati mwa Add a Row momwemo, ndipo masamu olembedwa m'bokosi sawerengedwa padera. Update a Row nalonso lichoke. Watch New Rows limakumbukira lokha mzere womwe linalekezera, ndipo ngati mukufuna umboni woti lisiti linadutsa, mzere wa m'buku la malipiro ndi umboni wokwanira. Za imelo, funsani amsungichuma ngati amatseguladi maimelo 60 pa tsiku. Akonzereni njira ina yoyenda kamodzi madzulo: Search Rows itole malisiti a tsikulo, Text aggregator iwaphatikize, bokosi lachitatu litumize imelo imodzi. Mabokosi atatu kwa masiku 26 ndi 78 basi.

```
520 + (1,560 x 3) + 78 = 5,278
```

Pamenepo onjezerani gawo limodzi mwa magawo asanu la masiku oyeserera ndi maulendo obwerezedwa, mufika pafupifupi 6,300. Ngati si alimi onse ofuna SMS, ikani fiyuta, yolola ofuna okhawo kudutsa, patsogolo pa bokosi la SMS. Fiyuta siwerengedwa, koma iyenera kukhala kumtunda kwa mabokosi odula, osati kumunsi atadya kale.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimasokoneza masamuwa. Choyamba ndi Search Rows ikamafuna mlimi potengera dzina. Kuno a Banda, a Phiri ndi a Zulu ndi ambiri, ndipo ikapeza a Banda anayi a dzina lofanana, mabokosi onse akumunsi amayenda kanayi. Ma opareshoni a mabokosiwo amadyedwa kanayi, ndipo choipa kwambiri, anthu atatu amalandira uthenga wa malipiro a mnzawo. Funani potengera nambala ya membala ndipo pa Limit lembani 1. Mungazigwire mu History, pomwe Make imasunga maulendo omwe anayenda kale: tsegulani ulendo umodzi, muone manambala ali pamwamba pa mabokosi. Ngati malisiti anali atatu koma pa bokosi la SMS palembedwa 9, muli ndi vutoli.

Chachiwiri ndi netiweki. Kalaliki wa ku Vubwi akasowa netiweki masana, amadzalowetsa malisiti 40 nthawi imodzi ikabwerera. Watch New Rows ili ndi Limit yakenso, ndipo ikakhala yaing'ono, malisiti amatuluka pang'onopang'ono, ena n'kugona mpaka mawa poti mwatseka ndandanda 5 koloko. Koma mukaikweza kwambiri mungagunde malire a Google Sheets, omwe ndi mapempho 60 owerenga ndi 60 olemba pa mphindi kwa munthu mmodzi, ndipo mu History muona cholakwa cha 429. Ikani Limit pa 20, ndipo musunthe nthawi yotsekera ifike 7 koloko madzulo. Maola awiri owonjezerawo adya ma opareshoni 104 okha pa mwezi.

Ma SMS ali ndi bilu yawoyawo kwa kampani yotumiza, ndipo nawonso muwawerenge. Uthenga umodzi umalowa zilembo 160. Mukapitirira ndi chilembo chimodzi umawerengedwa ngati awiri, ndipo mukaikamo chilembo cha w chokhala ndi kachipewa kapena kachithunzi koseka, malire amatsika kufika pa 70. Yesani uthengawo ndi dzina lalitali kwambiri la m'kaundula wanu ndi ndalama yaikulu yomwe mungalipire mlimi mmodzi, muone ngati ukukwanabe mu 160.