Kalata yokonzetsa chimbudzi cha nyumba ya lendi

Chimbudzi cha nyumba imene ndikuchita lendi kuno ku Mangochi chinkangotaya madzi usana ndi usiku. Kudandaula pafoni sikunathandize, ndiye ndinalembera eni nyumba kalata yotchula masiku.

"Bambo, ndinakuimbirani pa 4 Malichi, ndipo pa 18 Malichi ndinatumiza uthenga pa WhatsApp pamodzi ndi chithunzi. Mpira wa m'thanki unabooka n'kudzaza madzi, choncho suyandama ndipo valavu sitseka. Madzi akungosefukira m'mbale. Ndikupempha kuti pulambala abwere pasanafike pa 10 Epulo."

Ndinaphatikizapo manambala a pa mita. Ndinawawerenga pogona, mipopi yonse ili yotseka, n'kuwerenganso m'mawa. Kusiyana kwake ndi madzi otayika, ndipo umboni wotere eni nyumba sangautsutse.

Polemba kalata yotere, tchulani chimene chawonongeka, chifukwa kungolemba kuti "chimbudzi chafa" kumachititsa pulambala kubwera chimanjamanja. Musaopseze zodula lendi ngati pangano lanu silikutero. Lembani makalata awiri, ina asainire n'kukubwezerani. Podikira, tsekani kampopi kolowetsa madzi m'thanki, muzithira ndi ndowa.

Pulambala anabwera tsikulo lisanakwane n'kusintha mpira ndi valavu.