Makalata okumbutsa ngongole ankapita tsiku lolakwika

Gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Chinamwali timalemba ngongole mu Google Sheets, ndiye ndinalemba kakodi ka Apps Script kotumiza imelo kukatsala masiku 3 kuti munthu abweze. Koma makalata ankafika tsiku limodzi mofulumira, amayi ena mpaka kundiimbira kuti achimwene bwanji mukutithamangitsa.

Vuto linali nthawi. Shiti inali pa nthawi ya Malawi koma kodi inali pa ya ku America, choncho deti la pa 10 pakati pausiku, kodi inkaliwerenga ngati deti la pa 9 madzulo. Ndinazindikira nditaika `Logger.log` pa deti limodzi. Mu fayilo ya makonzedwe a kodi, `appsscript.json`, ndinasintha mzere uwu basi:

```
"timeZone": "Africa/Blantyre"
```

Kenako ndinafufuta tiriga yakale, imene imadzutsa kodi payokha nthawi ikakwana, nkupanga ina ya m'ma 7 m'mawa, pano makalata akufika tsiku lake.