Momwe mungajambulire molekyulu ya ozoni, O₃, ndi madontho: mabondi, mapeya apaokha ndi fomo tchaji

Ophunzira ambiri akapatsidwa molekyulu kuti aijambule, amathamangira kulemba mizere ndi madontho mpaka chithunzi chioneke chokongola, kenako n'kudabwa kuti mphunzitsi wachonga kuti alakwa. Njira ya madontho imeneyi, yomwe Gilbert N. Lewis anaifotokoza mu 1916, imayamba ndi kuwerenga, kujambula kumabwera pambuyo. Mumayamba mwadziwa kuti muli ndi maelekitironi angati, ndipo simuloledwa kuwonjezera kapena kutaya ngakhale imodzi. Tigwiritsa ntchito ozoni, O₃, chifukwa ngakhale ili ndi maatomu atatu okha a okosijeni, zonse zimene zimasokoneza anthu zilimo.

Choyamba, werengani maelekitironi a m'shelo yakunja, chifukwa ndi okhawo amene timajambula. Okosijeni ili m'gulu 6 pa tebulo la maelementi (mabuku ena amati gulu 16), choncho atomu iliyonse ikubweretsa 6. Maatomu atatu akutipatsa 18. Lembani 18 imeneyi pakona pa pepala, muzibwererako. Ikanakhala ayoni yokhala ndi tchaji, mukanawonjezera elekitironi imodzi pa mayinasi aliyense, kapena kuchotsa imodzi pa pulasi aliyense: NO₃⁻ ili ndi 5 a nayitirojeni, 18 a maokosijeni atatu ndi 1 ya mayinasi, ndiye 5 + 18 + 1 = 24. Ozoni ilibe tchaji, ndiye 18 ikhala momwemo.

Kenako yalani maatomu. Nthawi zambiri pakati pamakhala atomu imene siikoka maelekitironi mwamphamvu, ndipo haidirojeni sikhala pakati chifukwa imapanga bondi imodzi yokha. Apa onse ndi okosijeni, choncho ikani imodzi pakati, ina kumanzere, ina kumanja, ndipo mulumikize ndi mzere umodziumodzi. Mzere uliwonse ndi bondi, ndipo ukuimira maelekitironi awiri. Mizere iwiri yadya 4, atsala 14.

Otsalawa agaweni awiriawiri, kuyambira maatomu am'mbali, mpaka iliyonse izunguliridwe ndi maelekitironi 8. Atomu yam'mbali ili nawo kale 2 a m'bondi, ndiye ikufuna 6, omwe ndi mapeya atatu. Mbali ziwiri zatenga 12. Awiri otsala apite pa atomu yapakati. Mapeya amenewa, omwe sali m'bondi iliyonse, ndi amene timawatcha mapeya apaokha.

```
 ..  ..  ..
:O — O — O:
 ..      ..
```

Maelekitironi onse 18 alowa. Koma taonani atomu yapakatiyo: mabondi awiri akuipatsa 4, peya yake 2, onse pamodzi 6. Yaperewera awiri kuti ikwane 8, ndipo m'thumba mulibe kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye chitani mofatsa. Simuwonjezera mzere wochokera kumwamba. Mumafufuta peya imodzi yapayokha pa okosijeni yam'mbali, tinene yakumanzere, n'kuisandutsa mzere wachiwiri pakati pa iyo ndi yapakati. Yakumanzere sinataye kanthu, ikadali ndi 8, kungoti awiri aja tsopano ikugawana ndi inzake. Yapakati nayo yakwana 8.

```
 ..  ..  ..
 O = O — O:
 ..      ..
```

Werenganinso: mizere itatu ndi 6, madontho ndi 4 + 2 + 6 = 12, onse 18. Mukapeza 20, dziwani kuti munajambula mzere wachiwiri koma munaiwala kufufuta peya imene unachokerako. N'chifukwa chake pensulo ndi labala zimathandiza kuposa bolopeni pa ntchito imeneyi. Kulakwitsa kwina ndi kusuntha mapeya mbali zonse ziwiri kuti chithunzi chifanane, O=O=O. Chimaoneka bwino m'maso, koma atomu yapakati imakhala ndi 10, ndipo kaboni, nayitirojeni, okosijeni ndi fulorini sizingapitirire 8.

Tsopano fomo tchaji. Funso lake ndi ili: atomu iyi inabwera ndi maelekitironi angati, nanga pachithunzichi yatsala ndi angati amene tingati ndi akeake? Madontho onse amene ali pa atomu ndi ake. Bondi iliyonse timaigawa pakati, elekitironi imodzi uku, ina uko, choncho mzere uliwonse wokhudza atomuyo tiuwerenga ngati 1. Kawerengedwe kake: maelekitironi amene inabwera nawo, kuchotsa madontho, kuchotsa mizere.

Okosijeni yakumanzere ili ndi madontho 4 ndi mizere 2, ndiye 6 − 4 − 2 = 0. Yapakati ili ndi madontho 2 ndi mizere 3, ndiye 6 − 2 − 3 = +1. Yakumanja ili ndi madontho 6 ndi mzere 1, ndiye 6 − 6 − 1 = −1. Lembani + pafupi ndi yapakati ndi − pafupi ndi yakumanja, motalikirako pang'ono ndi madontho kuti wochonga asaone mayinasi ngati bondi. Muwerenge dontho lililonse palokha, osati mapeya. Wowerenga mapeya amapeza 6 − 3 − 1 = +2 pa atomu yakumanja, ndipo zonse zimasokonekera pomwepo.

Chosangalatsa n'chakuti mutha kudzichonga nokha. Mukaphatikiza mafomo tchaji onse, ayenera kufanana ndi tchaji ya chinthu chonsecho. Apa 0 + 1 − 1 = 0, ndipo ozoni ilibedi tchaji. Pa NO₃⁻ muyenera kupeza −1. Zikapanda kugwirizana, bwererani ku nambala ija munalemba pakona.

Musasokoneze kawerengedwe kawiri kameneka. Poona ngati atomu yakwana 8, mzere umawerengedwa 2 ku mbali zonse. Powerenga fomo tchaji, mzere womwewo ndi 1.

Nanga bwanji tinasankha kumanzere? Palibe chifukwa. Tikanatenga peya yakumanja, tikanapeza chithunzi cholondola chimodzimodzi, bondi yamizere iwiri ili kumanja ndipo mayinasi ali kumanzere. Jambulani zonse ziwiri, muike muvi wa mitu iwiri, ↔, pakati pake. Zimenezi zimatchedwa rezonansi. Sikuti molekyulu imadumphadumpha kuchoka pa chithunzi china kupita pa chinzake ayi. Akatswiri atayeza anapeza kuti mabondi onse awiri a ozoni ndi ofanana kutalika, pafupifupi mapikomita 128. Bondi yamizere iwiri ya mu O₂ ndi 121, pomwe yamzere umodzi pakati pa maokosijeni a mu H₂O₂ ndi pafupifupi 148. Ya ozoni ili pakati, ndipo mayinasi uja wagawidwa theka uku theka uko.

Pali lamulo limene mudzamva kawirikawiri, loti pa zithunzi zingapo zotheka musankhe chimene mafomo tchaji ake ali pafupi ndi 0, ndipo mayinasi akhale pa atomu yokoka maelekitironi kwambiri. Ndi lamulo labwino, ndipo ndi limene limatiuza kuti CO₂ tiilembe O=C=O, momwe maatomu onse ali pa 0, osati mizere itatu mbali ina ndi umodzi mbali inayo. Koma musalikhulupirire mopitirira. Wophunzira wochenjera akhoza kulumikiza maokosijeni atatu aja mozungulira ngati mafuwa, iliyonse ndi mizere iwiri ndi mapeya awiri. Maelekitironi ndi 18, iliyonse yakwana 8, mafomo tchaji onse ndi 0. Papepala palibe cholakwa, koma ozoni siili choncho: ndi yopindika, ngodya yake ndi madigiri pafupifupi 117, ndipo maatomu am'mbali sagwirana. Peya yapayokha ya pakati ija ndi imene imakankha mabondi kuti apindike, choncho pachithunzi chomaliza tsitsani maatomu am'mbali pang'ono, peyayo ikhale pamwamba.

Yesani tsopano CO, mpweya wakupha uja umene mbaula yamakala imatulutsa m'nyumba yotseka. Maelekitironi ndi 4 + 6 = 10. Mudzafunika kusuntha mapeya kawiri, mpaka pakhale mizere itatu ndi peya imodzi pa atomu iliyonse. Kaboni idzatuluka 4 − 2 − 3 = −1, okosijeni 6 − 2 − 3 = +1. Pulasi pa okosijeni amaoneka wachilendo, koma musafufute: ndi chithunzi chokhacho chimene maatomu onse awiri akukwana 8.