Momwe mungalembere mgwirizano wa eni masheya kuti mlendo asakuloweleni m'kampani muli mtulo

Tinali atatu titatsegula kampani yogaya ufa ndi kupakira m'matumba ku Lilongwe. Masheya onse anali 1,000: mkulu wathu anali ndi 500, ine 300, mnzathu wachitatu 200. Za kalembetsedwe ka kampani kwa Rejisitala sindikambapo, ndikuyesa munapanga kale. Nkhani yanga ndi ya pepala lina lomwe eni masheya mumasainirana panokha, lonena zomwe zichitike tsiku lomwe wina adzafune kutuluka, kugulitsa kapena kulowetsa munthu watsopano.

Yambani ndi kuyala malamulo a kampani yanu, aja munalembetsa pansi pa lamulo la makampani la 2013, pambali pa mgwirizano womwe mukulembawo. Ziwirizi zisamatsutsane. Ikanimo ndime yoti zikasemphana, eni masheya nonse mudzavota kuti malamulo a kampaniwo asinthidwe agwirizane ndi mgwirizanowo. Ndipo chonde, musagule mapepala okonzakonza kwa madobadoba kapena kwa anyamata otayipa makalata m'tauni. Lomwe ife tinagula linkanena kuti mikangano idzaweruzidwa ndi malamulo a ku Joni, mwiniwake anangofufuta dzina la kampani ina n'kuikapo lathu. Pezani loya wokhala ndi chiphaso cha chaka chomwecho, mugwirizane mtengo wa ntchito yonse asanayambe, osati wa pa ola.

Kenako lembani ndime ya ufulu woyamba kugula. Apa ndi pomwe ife tinapsa, ndiye ndichedwapo. Ganizo lake ndi losavuta: wofuna kugulitsa masheya ayambe wafunsa anzake a m'kampani asanapite kunja. Yathu inali ndi mzere umodzi wokha, wakuti wogulitsa "adzayamba wapatsa anzake mwayi pa mtengo woyenera". Tonse tinagwedeza mitu, tinasaina, tinakadya kanyenya.

Patapita zaka zitatu, mnzathu wa 200 uja anabwera ku chigayo masana, ufa uli mbuu m'nsidze zanga, n'kundipatsa kalata yopinda kanayi. Inali yoti munthu wina wavomera kugula sheya iliyonse pa K60,000, zonse pamodzi K12 miliyoni. Anati, "Achimwene, mukafuna gulani pofika Lachisanu, apo ayi ndimupatsa uyu." Linali Lachiwiri. Dzina la wogulayo munalibe m'kalatamo. Tinatsegula mgwirizano wathu, osapezamo masiku, osapezamo wonena kuti mtengo woyenera ndi uti. Patapita miyezi tinamva kuti wogulayo anali mlamu wake, ndipo mtengowo unangoikidwa kuti ife tilipire zambiri. Tinakangana miyezi isanu ndi iwiri, ndipo nthawi yonseyo banki inakana kutiwonjezera ngongole yogulira chimanga chifukwa sinkadziwa kuti eni kampani adzakhala ndani.

Titalembanso, tinaikamo izi, ndipo inunso musasiye ngakhale chimodzi. Wogulitsa alembe kalata kwa kampani ndi kwa mwini masheya aliyense, yotchula dzina la wogula, chiwerengero cha masheya, mtengo wa sheya imodzi ndi kalipiridwe kake, kaya ndi kamodzi kapena pang'onopang'ono. Anzake akhale ndi masiku 30 oti ayankhe molemba, ndi masiku ena 30 oti alipire. Masiku olipirawa musawanyoze, ndalama zotere munthu sakhala nazo pansi pa pilo.

Masheyawo agawidwe molingana ndi zomwe aliyense ali nazo kale. Kwa ife, pa 200 aja mkulu wathu akanatenga 125, ine 75, chifukwa 500 ndi 300 zimagawana choncho. Wina akakana gawo lake, otsalawo apatsidwenso mwayi wachiwiri lisanapite kunja. Onse akakana, wogulitsa akhale ndi masiku 60 ogulitsa kwa munthu yemwe anamutchula uja basi, pa mtengo wosatsika pa womwe anakuuzani. Akatsitsa ngakhale pang'ono, ayambirenso kukufunsani. Popanda mzere umenewu, munthu amakutchulirani K60,000 kuti muthawe, mawa n'kugulitsa kwa mnzake pa K35,000.

Za mtengo, musalembe nambala yokhazikika mu mgwirizano. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense yemwe analemba mtengo wa sheya chaka cha m'mbuyo mwake anadzuka ali ndi nambala yopanda tanthauzo. Lembani kuti pakakhala kukayikira mtengo, akauntanti woima payekha, membala wa bungwe la akauntanti la ICAM, amene sasunga mabuku a kampani yanu, ndiye adzawerengere. Nenaninso amene adzamusankhe mukalephera kumvana, ndi amene adzamulipire. Mumuuziretu ngati masheya a munthu wa gawo lochepa awerengedwe mofanana ndi ena onse kapena motsikirapo, popeza wa 20 peresenti salamula kanthu ndipo owerengera ambiri amawatsitsa mukapanda kunena.

Ufulu womwewu ugwirenso ntchito pa masheya atsopano. Kampani ikatulutsa ena 1,000 n'kuwapatsa munthu mmodzi, 300 anga aja amachoka pa 30 peresenti kufika pa 15, ine osagulitsa kalikonse. Choncho atsopano aliwonse ayambe aperekedwa kwa nonse, aliyense monga mwa gawo lake.

Tsopano ndime yokoka, yomwe maloya amaitchula kuti dilagi. Wogula wamkulu nthawi zambiri amafuna kampani yonse, safuna kutsala ndi munthu mmodzi wokakamira pakona. Ndimeyi imati eni masheya ofika mlingo wakuti akavomera kugulitsa, otsalawo akuyenera kugulitsanso, pa mtengo womwewo ndi kalipiridwe komweko. Nkhondo yonse ili pa mlingowo, ndiye tengani cholembera muwerengere ndi magawo anu enieni. Ife tinaika 75 peresenti. Mkulu wathu ndi mnzathu uja pamodzi amafika 70, sangandikoke. Mkulu ndi ine timafika 80, tikhoza kumukoka iye. Tikanaika 51, ine kapena mnzathu uja, aliyense wa ife akanakokedwa mosavuta. Ngati ndinu wa gawo lochepa, limbikirani zinthu ziwiri: wogula asakhale m'bale kapena kampani ya wokokayo, ndipo malipiro akhale ndalama, osati masheya a kampani ina yomwe simuidziwa. Lembaninso kuti ndime yokoka ikagwiritsidwa ntchito, ufulu woyamba kugula uja uima, apo ayi ziwirizo zidzalimbana.

Inzake ndi ndime yoti "nditengeni nanenso", ya tagi, yoteteza ang'onoang'ono. Mkulu akapeza wogula masheya ake 500, ife osakwanitsa kuwagula, wogulayo ayenera kutipatsanso mwayi wogulitsa athu pa mtengo womwewo. Wogulayo akakana, malonda onse afe. Masiku 21 oyankhira ndi okwana.

Zotsalazi loya wanu azidziwa. Aliyense wolowa kumene asainire kuti akumangidwa ndi mgwirizanowu dzina lake lisanalembedwe m'kaundula wa eni masheya. Nenani zochita wina akamwalira, chifukwa masheya ake amapita ku chuma chamasiye ndipo mutha kupezeka mukuvota ndi ana ake. Mikangano iyambe yapita kwa mkhalapakati isanafike ku khoti la zamalonda. Sainani nonse pamaso pa mboni, aliyense atenge pepala lake lenileni, osati fotokope.